Uthenga wa mawu ukayamba kufupika: zimene ndaphunzira pa kamvekedwe ka mawu a wokondedwa

Chaka chino ndikuphunzira za kulankhulana kwa anthu, ndipo gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi la zinthu zimene mawu amanyamula kuwonjezera pa tanthauzo lake. Zinthuzi ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, mphamvu yake, liwiro la malankhulidwe, ndiponso timipata timene munthu amasiya asanapitirize kulankhula. Kwa ife a ku Malawi amene tikukhala ku Joni nkhaniyi si ya m'kalasi mokha, chifukwa maukwati ndi zibwenzi zambiri zimakhalira pa uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, umene ambiri timangoutchula kuti voisi. Kuimba foni kumafuna kuti nonse awiri mukhale ndi mpata nthawi imodzi komanso netiweki yabwino, pamene voisi umaijambula uli pa mzere wa tekisi ku Bree, mnzako n'kudzaimvera madzulo akaweruka. Choncho voisi ikafupika kapena kuzizira, mtima umayamba kuthamanga.

Chinthu choyamba chimene ndagwira n'chakuti liwu limaonetsa bwino kuchuluka kwa mphamvu kapena nkhawa imene ili m'thupi la munthu, koma silinena chimene chachititsa. Mu 2003, Patrik Juslin ndi Petri Laukka anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa mmene liwu limasinthira malinga ndi zimene munthu akumva. Iwo anapeza kuti mkwiyo, mantha ndi chimwemwe zimafanana pofulumizitsa malankhulidwe, pamene chisoni ndi chikondi chofatsa zimafanana pochititsa munthu kulankhula pang'onopang'ono ndiponso motsitsa mawu. Zimenezi zinandidabwitsa, chifukwa zikutanthauza kuti liwu lotsika limene mkazi angalimve ngati kuzirala kwa chikondi lingachokere kwa mwamuna amene watopa, amene ali ndi chisoni, kapenanso amene wamusowa kwambiri mkazi wakeyo. Khutu limamva bwino kuti chinachake chasintha, koma chifukwa chake timachiwonjezera tokha, ndipo nthawi zambiri timasankha chimene tinkachiopa kale.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti munthu wonama umamudziwa ndi mawu. Mu 2006, Charles Bond ndi Bella DePaulo anaphatikiza kafukufuku woposa 200 wa anthu amene anapatsidwa ntchito yosiyanitsa bodza ndi choonadi, ndipo anapeza kuti anthu amalondola pafupifupi ka 54 pa 100 alionse. Munthu wongolota amalondola ka 50 pa 100. Ine ndimaona kuti chiwerengero chimenechi chiyenera kuchepetsa kudzidalira kwa aliyense amene amabwereza voisi ya masekondi 20 usiku wonse n'kumanena kuti wamugwira mnzake.

Ndinayesa zimene ndaphunzirazi pa nkhani ya mayi wina amene timapemphera naye ku Rosettenville, ndipo wandilola kuilemba popanda dzina lake. Mayiyu amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndipo mwamuna wake anatsala ku Balaka ndi ana. Kwa nthawi yaitali bamboyo ankatumiza voisi ya mphindi ziwiri kapena zitatu madzulo alionse, yofotokoza za kumunda, za ana kusukulu ndi za mitengo ya zinthu pamsika, ndipo ankaseka pakati pa nkhani. Kenako mavoisiwo anatsika kufika pa masekondi 15 kapena 20, liwu lili lotsika ndiponso lofulumira. Mayiyu anali atatsimikiza kale mumtima kuti pakhomo palowa mkazi wina, ndipo anzake awiri amene anawamvetsa mavoisiwo anavomereza zomwezo.

Tinayamba ndi kubwerera m'mbuyo pa foni yake kuti tidziwe mmene bamboyo amalankhulira zinthu zikakhala bwino, chifukwa kusintha kumaoneka pokhapokha ukayerekeza munthu ndi mmene iye mwini analili, osati ndi mwamuna wa mnzako. Tinatenga mauthenga a miyezi iwiri kusinthako kusanayambe ndi a mwezi umodzi kutayamba, ndipo pa uthenga uliwonse tinalemba nthawi imene unatumizidwa, utali wake, phokoso limene likumveka kumbuyo, ndi nkhani imene ili mkati. Malawi ndi South Africa ali ndi nthawi yofanana, choncho ola limene foni ikuonetsa ndi lomwelo la ku Balaka. Ndinamupemphanso kuti aone ngati kabatani ka liwiro kali pa 1x, chifukwa kuyambira mu 2021 WhatsApp imalola kumvera uthenga pa 1.5x kapena 2x, ndipo munthu wofatsa amamveka ngati wokwiya kapena wothamangira kwina ukamumvera mofulumizitsa. Kwa iye kanali pa 1x, ndiye chimenechi tinachichotsa.

Phokoso la kumbuyo ndi limene linatiphunzitsa zambiri. Mavoisi akale ankajambulidwa panja, ndipo munkamveka nkhuku, mphepo ndi ana akusewera, pamene atsopano ankamveka kuti ajambulidwa m'chipinda chotseka, foni ili pafupi kwambiri ndi pakamwa, ndipo m'mauthenga angapo munkamveka munthu wachikulire akutsokomola. Apa m'pamene mayiyu anakumbukira kuti apongozi ake anali atabwera kudzakhala pakhomopo chifukwa cha matenda. Malo amasintha liwu kuposa mmene timaganizira. Dokotala wa makutu wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza mu 1911 kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu mosadziwa, ndipo ichi n'chifukwa chake voisi yojambulidwa mu tekisi yochokera ku Noord imamveka ngati munthu akukalipa pamene akungopereka moni. Mbali inayo ndi yodziwika kwa aliyense amene anakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri: mwamuna wa kwathu sangalankhule mawu achikondi mokweza mayi ake ali kuseri kwa khoma. Amanong'ona, amafupikitsa, ndipo amasiya nthabwala. Ngakhale katchulidwe kanali katasintha, chifukwa bamboyo, amene akakhala yekha amatchula mkazi wake ndi dzina lachibwana, tsopano ankati "mayi a ana" ndi "inu". M'banja limene amati "inu" masiku onse palibe chachilendo pamenepo, koma m'banja ili chinali chizindikiro chakuti pali wina amene akumva.

Tikanalekera pomwepo tikanakhala titapeza theka la nkhani. M'mauthenga a m'mawa, amene bamboyo ankajambula ali panjira popanda womumvera, liwu linali lokwera bwinobwino, komabe chinthu chimodzi chinali chitasowa: sankayankhanso chilichonse chokhudza nyumba imene akumanga. Mayiyu akafunsa za malata, yankho linkabwera la mvula kapena la ana, ndipo uthengawo unkathera pomwepo. Akafunsa za china chilichonse, bamboyo ankayankha mokwanira, n'kumufunsanso za ntchito ndi za chimfine chimene chinamugwira m'nyengo yozizira.

Kusiyana kumeneku n'kumene ndikuona kuti kuli kothandiza kuposa kuwerenga masekondi. John Gottman, amene wafufuza za maukwati kwa zaka zambiri ku America, anatsatira maanja ongokwatirana kumene kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ananena kuti amene anakhalabe pamodzi ankayankha timawu tofuna chidwi ta mnzawo pafupifupi ka 86 pa 100, pamene amene anadzasudzulana ankayankha ka 33 pa 100. Kafukufukuyo anali wa anthu olankhulana maso ndi maso ndiponso a chikhalidwe china, choncho sindingatenge manambala ake n'kuwaika pa mavoisi athu. Funso lake lokha ndi limene ndatenga: kodi uthengawu ukuyankha zimene ndinanena, ndipo kodi ukufunsa za ine? Voisi ya masekondi 15 yofunsa ngati abwana anakulipira yayankha, pamene ya mphindi zisanu yongonena za iye mwini yakulambalala. Munthu amene mtima wake wachoka amasiya kufunsa pa nkhani zonse. Amene akungozemba nkhani imodzi amakhala ndi vuto pa nkhani imeneyo, ndipo n'zimene zinkaoneka kwa bambo wa ku Balaka.

Ndinalangiza mayiyu kuti asatumize voisi yaitali yodandaula, chifukwa uthenga wotere munthu amaumvera yekha, sangakudule kuti afotokoze, ndipo amatha kuubwereza mpaka mkwiyo utakula. Anapangana nthawi yoimbirana Lamlungu masana bamboyo ali kudimba, ndipo mayiyu anayamba ndi zimene anaona osati zimene ankaganiza. Anati, "Bambo a ana, ndaona kuti masiku ano mukulankhula mwachidule, ndipo ndikafunsa za malata simukundiyankha. Kodi chachitika n'chiyani?" Bamboyo anakhala chete pang'ono, kenako anaulula kuti ndalama za malata anazigwiritsa ntchito pa mayendedwe ndi mankhwala a mayi ake, ndipo ankachita manyazi kuuza mkazi amene amazipeza movutikira kunja kwa dziko. Mayiyu anakhumudwa ndithu, ndipo ine ndikuona kuti anali ndi chifukwa, pakuti kubisa nkhani ya ndalama n'kulakwa ngakhale cholinga chitakhala chabwino. Khutu lake silinamunamize pomuuza kuti pali chobisika. Chimene linalephera ndi kumuuza kuti chobisikacho n'chiyani, ndipo anzake amene anamvetsedwa mavoisi aja sakanatha kudziwa, chifukwa sankadziwa liwu la masiku onse la bamboyo kapena za apongozi odwala. Ndikuonanso kuti kumvetsa ena uthenga umene munthu anajambulira iwe wekha kumaphwanya chinsinsi chake, ndipo akadzadziwa mavoisi ake amafupika kwambiri.

Sindikunena kuti nkhani zonse zimatha chonchi. Pali nthawi imene kufupika kumayenda pamodzi ndi kusafunsa chilichonse, kukana kuimbirana ndi kukwiya ukafunsa mwaulemu, ndipo zikatero vuto limakhala mu ubwenzi weniweniwo, ngakhale kuti dzina la vutolo liyenerabe kuchokera pa kukambirana. Palinso kusintha kwina kumene ndaphunzira kuti sikufunika kuchedwa nako. Munthu amene akudwala matenda a kukhumudwa kwakukulu nthawi zambiri amalankhula pang'onopang'ono, liwu lake silikwera kapena kutsika, ndipo amasiya mipata yaitali pakati pa mawu. Kusiyana kwake ndi munthu wozemba nkhani n'kwakuti liwu lotere silisintha ndi malo kapena mutu wa nkhani, ndipo limamveka chimodzimodzi akamalankhula ndi ana ake, abale ake kapena anzake. Zikapitirira milungu iwiri, n'kuphatikizana ndi kusagona, kusadya kapena mawu osonyeza kuti moyo wamukwana, funso loyenera kumufunsa ndi la thanzi lake, ndipo ndi bwino kupempha m'bale wodalirika amene ali pafupi kuti akamuone ndi kumuperekeza kuchipatala. Ngati wokondedwayo ali konkuno ku South Africa, bungwe la SADAG, lothandiza anthu amene ali ndi matenda a kukhumudwa ndi nkhawa, limene likulu lake lili ku Johannesburg, lili ndi manambala aulere amene munthu angaimbe kuti alankhule ndi mlangizi.