Mbasela si ya ulere: mmene ndinamasulira chilengezo cha sitolo ya fataleza ku Chipata

Kumapeto kwa Okutobala 2025 amalume anga, amene ali ndi sitolo ya mbewu ndi fataleza kuno ku Chipata, ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Anati: "Mwana wa mlongo wanga, tandiikira izi m'Chichewa, mawa tikadinde mapepala omata." Pansi pake panali mizere iwiri ya Chizungu, yomwe anawalembera mnyamata wawo wa pa kauntala:

"Buy 4 bags of fertiliser, get 2kg maize seed FREE. Up to 15% off selected chemicals. Valid until 30 November, while stocks last."

Ndinkaona ngati ndi ntchito ya mphindi khumi. Inandidyera masiku awiri, ndipo ambiri mwa maola amenewo ndinathera pa foni, kufunsa amalume zinthu zimene iwo eni anali asanaziganizire.

Usiku womwewo ndinalemba mofulumira kuti, "Mbewu yaulere! Gulani matumba 4 a fataleza mulandire mbewu ya chimanga ya 2kg. Mankhwala atsika mtengo mpaka 15 peresenti. Mpaka pa 30 Novembala." Ndikamawerenga ndekha zinkamveka bwino. Mwayi wake m'mawa mwake amayi anali atabwera kuchokera kumudzi, cha ku Chadiza, atakhala pakhonde akuswa nshawa za mbewu. Ndinawawerengera kamodzi kokha, monga mmene munthu amamvera chilengezo pa wailesi, kenako n'kuwafunsa kuti amvapo chiyani.

Sanadzutse ngakhale mutu. Anangoti, "Akugawa mbewu kwa achimwene. Akulembetsa liti maina?"

Apa ndiye ndinadziwa kuti mawu oyambawo andipweteka. Kwathu kuno liwu loti "yaulere" likakhala pafupi ndi "mbewu" mu Novembala, munthu amaganiza za mabungwe ogawa zinthu, za mndandanda wa maina kwa amfumu, za kufola pa mzere ndi chitupa m'manja. Zoti uyambe wagula matumba anayi zinabwera mochedwa, khutu litatseka kale. Mawu a Chizungu aja amayamba ndi kugula, mphatso n'kubwera pambuyo. Ine ndinawatembenuza dala kuti akope anthu, ndipo potero ndinachotsa chingwe chomangira mphatsoyo ku malonda.

Liwu loyenera linalipo kale pa msika wa Kapata. Mayi wogulitsa tomato akakuyikira mulu umene walipira, amatenga tomato mmodzi kapena awiri n'kuponya pamwamba: mbasela. Palibe amene amapita kumsika chimanjamanja kukapempha mbasela, chifukwa liwulo lanena kale kuti wagula. Ndinafufuta "yaulere" n'kulemba "mbasela", ndipo nditawawerengeranso amayi anayankha kuti, "Ooh, ndiye ugule kaye." Basi, mbali imeneyo inakhala.

Koma mbasela ili ndi khalidwe lake. Pamsika imakambidwa. Ukagula zambiri umati "wonjezerani, mayi," ndipo amawonjezeradi. Amayi anafunsa pomwepo kuti nanga wogula matumba asanu ndi atatu, monga amachitira a m'kilabu yawo akasonkherana, adzapatsidwa mapaketi awiri? Ndinayang'ana pa Chizungu chija, yankho munalibe. Ndinaimbira amalume.

"Amalume, munthu akagula matumba 8 mumupatsa angati?"

Anakhala chete pang'ono, n'kuti, "Limodzi. Mapaketiwo ndi 300 okha, angawanyamule onse anthu a magalimoto."

"Nanga akagula awiri apansi ndi awiri apamwamba?"

"Palibe vuto, bola akwane anayi."

"Awiri lero, awiri Lachisanu?"

"Ayi, iwe! Pa lisiti limodzi."

"A 50kg okha, kapena ndi timatumba ta 10kg tija?"

Apa anaseka, koma kuseka kwa munthu amene wazindikira kuti akanaluza. Amagulitsadi timatumba ting'onoting'ono kwa a madimba, ndipo pa pepala panalibe poletsa munthu kubwera ndi tinayi totere n'kufuna mbewu yake. Mfundo zinayi zimenezi, paketi limodzi munthu mmodzi, kusakaniza n'kololedwa, lisiti limodzi, matumba a 50kg, zonse zinali m'mutu mwa amalume, osati pa pepala. Womasulira sangazipeke yekha. Ndikanangoganiza kuti matumba 8 ndi mapaketi awiri chifukwa ndi zimene zimamveka zanzeru, ndikanawalonjezera anthu chinthu chimene mwini sitolo sanavomere, ndipo mkangano ukanagwera mnyamata wa pa kauntala.

Dzina la fataleza silinandivute. Alimi amati wapansi ndi wapamwamba, pa thumba pamalembedwa D Compound ndi Urea. Ndinaika mawu a alimi patsogolo, dzina la pa thumba pambuyo pake, kuti wotumidwa asasokonezeke akafika.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi liwu loti "mpaka". Pa zimene ndinalemba poyamba linalipo kawiri, ndipo malo onse awiri linkanama.

Poyamba pa mtengo. Mzungu akalemba "up to 15%" akutanthauza kuti 15 ndiye denga: china chatsika ndi 5, china ndi 10, mwina chimodzi chokha ndi chimene chafika pa 15. Koma "atsika mtengo mpaka 15 peresenti" amayi anamva kuti mankhwala onse atsika mofanana, ndipo mlamu wanga, amene anaphunzira ndithu, anamva kuti mtengo watsika n'kukafika pa 15 peresenti ya mtengo wakale, kutanthauza kuti botolo la K200 likugulidwa K30. Sindingamunene kuti analakwa. M'Chichewa chinthu chikatsika "mpaka" penapake, ndiye kuti chafika pamenepo. Komanso liwu loti "selected" ndinali nditalisiya osadziwa, chifukwa ndi kaliwu kosaoneka, pomwe ndi limene limanena kuti si mankhwala onse.

Ndinayesa "mankhwala ena osankhidwa atsika mtengo ndi peresenti yosapitirira 15". Ndi zoona, koma palibe munthu wa ku Chipata amene amalankhula choncho, ndipo palibe mlimi amene angakwere njinga kuchoka ku Mtenguleni chifukwa cha chiganizo chimenecho. Ndinafunsa amalume kuti mankhwala "osankhidwawo" ndi angati. Anali atatu okha. Ndiye bwanji kubisala kuseri kwa peresenti? Tinawalemba onse atatu ndi mitengo yake: opha udzu a lita imodzi kuchoka K200 kufika K170, apa ndi pamene pali 15 peresenti ija, opha mbozi za m'chimanga kuchoka K150 kufika K135, ndiye 10 peresenti, othira m'nkhokwe kuchoka K120 kufika K114, yomwe ndi 5 peresenti yokha. Amalume poyamba sanafune, ati K6 ikaoneka poyera ichititsa manyazi. Ndinawauza kuti manyazi aakulu ndi a munthu amene wabwera akuyembekeza K102 n'kuuzidwa K114 anthu ali pa mzere. Kuwonjezera apo, lamulo la dziko lino loteteza ogula, la mu 2010, limaletsa kulengeza malonda mosocheretsa anthu, ndipo silinena kuti chosocheretsa cha m'Chichewa n'chololedwa.

Tili pa mitengo pomwepo ndinaonjeza kamzere kakuti mitengoyi ndi ya kwacha ya Zambia. Wina angaseke, koma malire a Mwami ali pafupi, anzathu a ku Mchinji amagula m'sitolo zathu, ndalama yawo nayo ndi kwacha, ndipo chithunzi cha pepala chikalowa pa foni sichifunsa chitupa pa malire.

"Mpaka" wachiwiri anali wa tsiku. "Mpaka pa 30 Novembala": kodi pa 30 pomwepo ukadali mwayi, kapena watha dzulo lake? Ndinafunsa anthu atatu, mayankho anagawikana. Nditatsegula kalendala ndinapezanso kuti 30 Novembala 2025 linali Lamulungu, ndipo amalume Lamulungu satsegula, amakhala ku tchalitchi. Ndiye tsiku lenileni lomaliza linali Loweruka pa 29. Ndinasiya "mpaka" n'kulemba "tsiku lomaliza", ndi dzina la tsikulo, pakuti kumudzi anthu amasunga Loweruka m'mutu kuposa nambala.

Za "while stocks last" ndinangofunsa funso limodzi: katundu wake uti? Fataleza anali wambiri. Chimene chikanatha ndi mapaketi 300 aja. Ndikanalemba kuti "katundu akadalipo", munthu woona matumba ataunjikidwa mpaka kudenga akananena kuti nanga si uyu katundu, ndipatseni mbewu yanga. Tinatchula mbasela yeniyeniyo ndi nambala yake.

Chomwe chinapita kodindira ndi ichi:

"MBASELA YA MVULA YOYAMBA. Gulani matumba 4 a fataleza a 50kg pa lisiti limodzi, wapansi D Compound kapena wapamwamba Urea, ngakhale mosakaniza, tikuikirani mbasela ya mbewu ya chimanga ya 2kg. Munthu mmodzi paketi limodzi, ngakhale mugule matumba oposa 4. Mapaketi alipo 300 okha, akatha mbasela yatha. Tsiku lomaliza ndi Loweruka pa 29 Novembala."

Mitengo itatu ya mankhwala inali pansi pake. Ndinakana kuti mizere ya malamulo ilembedwe ndi tizilembo ting'onoting'ono kumunsi monga amachitira pa mapepala a Chizungu. Pepala lomata pa mtengo wa mango kumudzi amawerenga mmodzi mokweza, ena khumi n'kumamvetsera, ndipo wowerengayo amalekera pamene zilembo zayamba kuvuta maso.

Panali kamkangano kakang'ono ndi wodinda, amene ankafuna "cimanga" m'malo mwa "chimanga", poti m'masukulu a ku Zambia amaphunzitsa kulemba ndi c yekha. Zonse ziwiri anthu amaziwerenga bwinobwino kuno. Tinangogwirizana kuti pepala lonse litsate njira imodzi.

Ntchito yomaliza sindinaiyembekezere: kubwerera ku Chizungu. Pepala la Chichewa tsopano linali ndi mfundo zimene la Chizungu linalibe, ndipo onse awiri ankayenera kumatidwa pa chitseko chimodzi. Lina likati 30, lina 29, wogula adzasankha limene likumukomera, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Ndinapatsa mlamu wanga pepala la Chichewa lokha kuti alitembenuzire ku Chizungu, n'kufananiza ndi langa mzere ndi mzere: nambala ya matumba, kulemera kwake, lisiti, paketi limodzi, 300, tsiku, mitengo itatu. Pamenepo ndi pamene tinagwira kuti pa Chizungu changa chatsopano ndinali nditaiwala za lisiti limodzi.

Mapaketi anatha sabata yachitatu ya Novembala, mvula itangogwa kawiri. Lolemba lake amalume anandiimbira m'mawa kuti ndipite ndi cholembera chachikulu. Pa mapepala onse awiri a pa chitseko ndinalemba chopingasa kuti "Mbasela yatha", ndipo mitengo ya mankhwala tinaisiya ikuoneka, poti iyo inali idakali ndi masiku ake kufika Loweruka lija.