Thambo lasintha, koma madzi a Zambezi akadali otuwa

Tsiku lathunthu landithera pa chithunzi chimodzi cha mlatho wa Samora Machel wa pa Zambezi ku Tete, m'dziko la Mozambique, chojambulidwa cha ku Matundo, tsidya lina la mzindawo, kuli mitambo yotuwa. Kuika thambo la dzuwa likulowa sikunavute. Mu Photoshop ndinapita ku Edit > Sky Replacement, ndipo pa Output To ndinasankha New Layers. Chondikwiyitsa n'chakuti chidachi madzi sichiwakhudza n'komwe. Kumwamba psuu, mtsinje uli mbuu, moti aliyense angaone kuti chithunzicho n'chokonza.

Choncho chithunzithunzi cha m'madzi ndinachipanga pamanja. Leya ya Sky ndinaikopera ndi Ctrl+J, kenako Edit > Transform > Flip Vertical. Koma yambani mwachotsa masiki pa leya yokoperayo, apo ayi nayo imatembenuka n'kumabisa malo olakwika. Masiki yatsopano ipentedwe pamadzi pokha.

Pamene panandidyera nthawi ndi apa. Thambo lotembenuzalo ndinaliyambitsa m'mphepete mwa madzi a tsidya lija, ndipo dzuwa la m'madzi linatsika kwambiri. Madzi amatembenuza thambo kuchokera pamzere wofanana ndi msinkhu wa kamera, pamene thambo likanakumana ndi madzi pakanapanda nyumba ndi mapiri. Mzerewu uli pamwamba pang'ono pa gombe la tsidya. Kokani Guide pamenepo. Pa chithunzi changa dzuwa linali mapikiselo 600 pamwamba pa mzerewo, ndiye la m'madzi linayenera kukhala mapikiselo 600 pansi pake, molunjikana ndendende. Posuntha leya gwirani Shift kuti isapite kumbali.

Madzi sawala kuposa thambo. Ndinaika Multiply, Opacity 60%. Komanso madzi akutali amaonetsa thambo kwambiri, pomwe apafupi ndi kamera amaonetsa mtundu wawo, makamaka Zambezi akakhala wamatope nthawi ya dzinja. Ndiye chakumunsi kwa masiki ndinapenta pang'ono ndi burashi yakuda yofewa kuti kufiirako kuzizilala kukamayandikira phazi la chithunzi.

Timafunde timatalikitsa chithunzithunzi chotsika, osati chopingasa. Filter > Blur > Motion Blur, Angle 90, Distance 40 zinakwana pa chithunzi cha mapikiselo 6000 m'lifupi. Chikakhala chaching'ono, chepetsani.

Ndinatsala pang'ono kuiwala zipilala za mlatho. Mdima wake m'madzi unafiira ngati thambo, pomwe zipilalazo zimatchinga thambo. Mu Blend If ya leya ya m'madzi ija, yopezeka mu Blending Options, pa Underlying Layer, kokani kachizindikiro kakuda kumanja, mukagawe pawiri pogwira Alt kuti malire asakhale akuthwa. Zingwe za mlatho nazo zinali ndi kamzere koyera, kotsala kwa mitambo yakale, ndipo kanatha nditasuntha Shift Edge pang'ono, zomwe zinafuna kuyambiranso Sky Replacement.

Poyambiranso ndinadinanso Flip kuti dzuwa likhale mbali imene nyumba zimawala, ndipo leya ya m'madzi ndinaipanganso yonse. Thambo likasuntha, yezaninso kuchokera pa Guide uja, osati pagombe.