Gogogo Wachitatu

Ku ofesi kwathu aliyense amalowa ndi mawu amodzi: "Mphindi ziwiri zokha." Pulinta yatafuna pepala, mphindi ziwiri. Wina waiwala pasiwedi, mphindi ziwiri. Pofika Lachinayi, lipoti la ndalama loyenera kutumizidwa Lachisanu masana linali likadali mutu wokhawokha.

Ndiye ndinabwereka nzeru yodziwika ndi dzina la Dwight Eisenhower, pulezidenti wa America kuyambira 1953 mpaka 1961. Umajambula mabokosi anayi. Ntchito yachangu komanso yofunika, uchite pompano. Yofunika koma yosathamangitsa, uyiikire tsiku ndi ola. Yachangu koma yosafunika kwenikweni, upatse wina. Yotsalayo, itaye. Posankha bokosi umafunsa mafunso awiri: ikufunika liti, nanga ikapanda kuchitika lero chiwonongeke n'chiyani?

Lipoti langa linali litagona milungu m'bokosi lachiwiri mpaka kudzisamutsa lokha kupita m'loyamba. Ntchito zofunika zimatero, sizikuwa, zimangodikira.

Ndinazimitsa foni, kutseka imelo, n'kumata pepala pachitseko: "Musagogode mpaka 11 koloko. Lembani vuto lanu apa." Abale, zinayenda! Wa pulinta anaima pakhomo, n'kupita kukatsegula yekha kachitseko ka kumbuyo kwa makina n'kusolola pepala lake. Wa pasiwedi anaikumbuka mozizwitsa.

Cha m'ma 9 ndinamva gogogo. Anali a mesenjala athu, bambo achikulire amene nthawi zambiri amabwera ndi fomu yoitanitsira zolembera.

"Lembani papepalapo, madala!"

Patapita kanthawi, gogogo.

"Bokosi lachitatu limenelo, madala, kapatseni wina!"

"Bokosi liti, achimwene?"

Sindinayankhe. Mumtima ndinkadzitama kuti lero ndiye ndakhwima. Gogogo wachitatu anali wapansipansi, waulemu, kenako ndinamva nsapato zikupita.

Nthawi ya 11 ndinatuluka lipoti lili m'manja, chifuwa patsogolo, kukasainitsa kwa abwana, poti lipoti la ndalama lopanda siginecha yawo salilandira. Ofesi yawo inali yokhoma. Pachitseko changa, pansi pa madandaulo a anthu, panali zilembo zazikulu zokhotakhota: "Abwana akunyamuka 10 koloko kupita ku msonkhano. Abwera Lolemba. Akuti ngati pali zosaina bweretsani."

Mafunso awiri aja, si kuti analephera ayi. Kungoti kudzera pachitseko chotseka safunsika, ndiye bokosi ndinasankha pomva mawu a wogogoda, uthenga wake osaumva.

Masana onse ndinathera kuthamangitsa siginecha: kusikana masamba, kutumiza pa imelo, kuimba foni imene sinkayankhidwa chifukwa abwana nawonso anali atazimitsa yawo kuti asasokonezedwe. Anasaina usiku, ku hotela, atandifunsa kawiri chifukwa chake mesenjala sanandipeze.

M'mawa mwake madala aja anandipeza pakhonde, fomu ili m'manja.

"Achimwene, iyi ndi ya zolembera. Ndiyike bokosi liti?"