Loweruka: mauthenga a mlongo wanga wa ku Cape Town

Chiperoni chinayamba usiku, ndipo kutacha phiri silimaoneka n'komwe. Ulendo wa ku msika wa Chitakale ndinausiya. Cha m'ma 9 koloko mlongo wanga wamng'ono amene ali ku Cape Town ananditumizira pa WhatsApp zithunzi za mauthenga amene wakhala akulembera maejenti a ntchito, aja amafunira makampani antchito. Pansi pake anaikapo mawu: "Achemwali, tandionerani pamene ndikulakwitsa. Anthuwa amawerenga koma sayankha."

Mnyamatayu ndi wowotcherera zitsulo, ndipo dzanja lake ndimalidziwa. Anagwira zaka zinayi pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Mulanje, kukonza mapaipi ndi zitsulo za makina oumitsira tiyi. Ku Cape Town wagwira zaka ziwiri pa shopu yopanga mageti ku Epping, imene yatsekedwa posachedwa. Koma tamvani uthenga wake woyamba. Anaulemba m'Chingerezi, ine ndingoutembenuza:

"Moni bwana, pepani kwambiri pokusokonezani. Ndine wochokera ku Malawi, ndili pa mavuto aakulu, ndili ndi ana awiri kumudzi. Chonde chonde ndithandizeni ntchito ina iliyonse, ngakhale yosesa. Mulungu akudalitseni."

Mtima unandipweteka. Zaka zisanu ndi chimodzi akugwira moto ndi chitsulo, koma mu uthenga wonsewu mulibe ngakhale liwu limodzi lonena za kuwotcherera. Sindikumunena, chifukwa tonse tinaleredwa choncho: ukafika kwa amfumu umayamba wagwada, kupepesa, kenako n'kufotokoza chimene wadzera. Kungoti ejenti sakhala pampando woweruza amene akuvutika kwambiri. Iye ali ndi kampani imene yamuuza kuti ikufuna munthu wa luso lakutilakuti, woti ayambe tsiku lakuti, ndipo malipiro ake amachokera ku kampaniyo akapeza munthu woyenera. Akamatsegula uthenga amafuna aone msanga ngati iweyo ndiwe munthuyo. Ukalemba kuti "ntchito ina iliyonse" wamusiya alibe pokuika. Ndipo kulengeza umphawi kwa munthu wosamudziwa kuli ndi vuto lina, kumauza woipa mtima kuti ungavomere malipiro alionse.

Ndisanasinthe chilichonse ndinamuimbira n'kumufunsa mafunso. Chilengezo cha ntchito chikuti chiyani kwenikweni? Dzina la amene anachiika ndani? Apa m'pamene tinaona kuti dzinalo ndi la mayi, pamene iye anamulonjera ngati bambo. Umawotcherera mitundu iti? Anati MIG, yowotcherera ndi waya wotuluka m'makina, ndi ya ndodo amazidziwa bwino, koma TIG, imene amakonda kuwotcherera nayo zitsulo zopyapyala, anangoigwirako pang'ono. Zojambula za mapulani umawerenga? Eya. Satifiketi ya TEVETA ili pomwepo? Ili pomwepo, koma sanaipititsebe ku SAQA, bungwe limene limaunika mapepala a maphunziro ochokera kunja kwa South Africa. Ungayambe liti? Ngakhale Lolemba.

Mayankho amenewa ndiwo anasanduka uthenga. Titamaliza unamveka chonchi:

"Moni mayi Uje. Ndaona chilengezo chanu cha ntchito ya wowotcherera wa MIG ku Montague Gardens, ndipo ndikufuna kuifunsira. Ndawotcherera kwa zaka zisanu ndi chimodzi: zinayi pokonza makina a fakitale ya tiyi ku Malawi, ziwiri popanga mageti ku Epping. Ndimagwiritsa ntchito MIG ndi ndodo, ndipo ndimawerenga mapulani. Ndikhoza kuyamba nthawi yomweyo. Ndaika CV ndi satifiketi yanga. Ndingakondwe kubwera kuti mudzandiyese sabata ino, tsiku limene lingakukomereni. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu." Pansi dzina lake lonse ndi nambala ya foni.

Atauwerenga anakhala chete, kenako anati, "Achemwali, sizikumveka ngati mwano zimenezi? Pepani mwamuchotsa yense." Ndinamuuza kuti awerengenso aone pamene pali ulemu. Wamutchula mayiyo dzina lake molondola. Wamuuza ntchito imene akunena kuti asavutike kufufuza, popeza ejenti amakhala ndi zilengezo zambiri nthawi imodzi. Wamusiyira kuti asankhe yekha tsiku. Wathokoza kamodzi. Kupepesa kuli ndi malo ake, monga ukachedwa kuyankha kapena ukaphonya nthawi, koma kufunsira ntchito imene iwo eni alengeza si kulakwa.

Chiganizo chimene ndimachikonda kwambiri ndi chija chopempha kuti amuyese. Pa ntchito ya manja ngati iyi nthawi zambiri amakupatsa zidutswa za chitsulo kuti ulumikize iwo akuona. Munthu wopempha yekha mayeso amenewa safunikanso kulemba kuti ndi wolimbikira kapena wokhulupirika, mawu amene aliyense amalemba.

Tinakanganako pa TIG. Iye amafuna tiiwonjezere kuti uthenga ulemere. Ndinakana. Akakamupatsa chitsulo chopyapyala n'kuchiboola, ejentiyo achita manyazi pamaso pa kampani ndipo sadzamutumizanso kwina. Mu CV tinalemba kuti TIG akuiphunzira. Za mapepala okhalira m'dzikomo chimodzimodzi: ndinamuuza alembe mtundu wa chilolezo chimene ali nacho ndi tsiku limene chidzathere, mzere umodzi, wopanda kubisa kapena kudandaula, chifukwa adzafunsa ndithu.

Chinanso, ndinasamala kuti Chingerezi chake chikhale chimene pakamwa pake pangakwanitse. Ndinamuuza awerenge uthengawo mokweza n'kunditumizira mawu. Pamene lilime linapunthwa, liwulo tinalisintha ndi lina losavuta. Uthenga ukamveka ngati wa loya, kenako ejenti n'kuimba foni n'kumva munthu wina, chikhulupiriro chimathera pomwepo.

Masana magetsi anazima, ndinapita kukatchaja foni kwa aneba amene ali ndi sola. Nditabwerako tinagwira uthenga wachiwiri, wokumbutsa. Kwa ejenti wina amene anamulonjeza kuti amuimbira, mlongo wangayu anatumiza "Moni?" ndi "Mulipo?" kangapo usiku, ndipo pomaliza analemba mokwiya kuti ngati safuna alendo angonena. Mkwiyowo ndikuumvetsa, munthu lendi ikumudikira. Koma tinagwirizana kuti chikumbutso chikhale chimodzi, patapita pafupifupi sabata, nthawi ya ntchito, ndipo chiziima pachokha: tinalankhulana tsiku lakuti za ntchito yakuti, ndikadali wokonzeka, kodi pali china chimene mukufuna kwa ine? Kwa ejenti ameneyu tinayamba ndi kupepesa kwa chiganizo chimodzi chifukwa cha mawu aukali aja.

Wachitatu sindinaukonze kuti ukome. Munthu wina amafuna marandi 500 akuti olembetsera asanamuonetse ntchito, ndipo mlongo wanga anali atamuchonderera kuti alipire theka. Lamulo la South Africa la 2014 lokhudza ntchito za maejenti, Employment Services Act, limaletsa kulipiritsa wofuna ntchito kuti amupezere ntchito. Tinangolemba kuti zikomo, salipira ndalama yolembetsera, ndipo ngati ntchitoyo ilipo amutumizire dzina la kampani ndi malo ake.

Mlongo wangayu amafuna atumize zonse usiku uno. Ndamuuza adikire Lolemba cha m'ma 8 koloko, ejenti akangofika pa desiki, ndipo CV aisunge ngati PDF yokhala ndi dzina lake, osati chithunzi chojambula ndi foni. Nthawi ya kuno ndi ya ku Cape Town ndi imodzi, ndiye akamatumiza ndidzakhala ndili pa foni.