Tsiku limene gemu yanga inaika apongozi m'ngongole ya mamiliyoni

Gemu ya pafoni imene ndinapanga kuno ku Nchalo ndi ya usodzi. Umakwera bwato pa Shire, kuponya ukonde, kugulitsa milamba ndi mphende padooko, n'kulandira makobidi. Ndinailemba mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, ndipo oyamba kuiyesa anali abale 14 amene ndinawatumizira pa WhatsApp. Mmodzi mwa iwo anali apongozi anga aamuna, mlonda wausiku, munthu amene ntchito yake imamusiyira nthawi yambiri ndi foni m'manja.

Masamu oyamba ndinawachita mwaulesi. Kuponya ukonde kamodzi kumatenga mphindi imodzi n'kubweretsa makobidi 10, ndiye kuti 600 pa ola. M'sitolo ya m'gemumo munali ukonde wa 300, nkhafi ya 200, nyali ya 500 ndi injini ya 8,000. Zonse pamodzi 9,000, ndipo chilichonse chogula kamodzi basi. Gawani 9,000 ndi 600: maola 15. Munthu akasewera maola 15 ndiye kuti sitolo wakolopa, koma makobidi akulowabe. Chuma cha m'gemu chili ngati diramu yokhala ndi mpopi wothiramo ndi ngalande yotayira. Yanga ngalande inkatseka pa ola la 15, mpopi ukuthirabe.

Mlamu wanga atadandaula kuti ndalama zikungoola m'thumba, ndinawonjezera chogula china: mabwato aganyu. Bwato limodzi makobidi 500, ndipo limakusodzera lokha makobidi 50 pa ola, ngakhale foni itazima. Ndinaikaponso batani la `Gula onse` kuti anthu asatope zala. Usiku umenewo ndinagona ndikudziyamikira kuti ndakumba ngalande. Osadziwa kuti ndalumikiza mpopi wina, waukulu kuposa woyamba, chifukwa chinthu chimene chimabweza mtengo wake m'maola 10 si kuwononga ndalama ayi, ndi katapila.

Apongozi anazindikira zimenezi ine ndisanazindikire. Anayamba ndi mabwato 10. Ankatsegula gemu kawiri patsiku, m'mawa poweruka ndi madzulo popita kuntchito. M'maola 12 bwato lililonse linkabweretsa 600, zokwanira kugula bwato lina n'kutsala chenji cha 100. Mabwato awo ankachulukitsidwa ndi 2.2 ulendo uliwonse. Tsiku loyamba likutha anali nawo 48. Tsiku lachisanu anali nawo opitirira 26,000, akupanga makobidi 1.3 miliyoni pa ola ali m'tulo pansi pa mtengo wa masau. Mabwato amenewo mutawandandika pa Shire, munthu akanawoloka wapansi osafuna mlatho wa Chikwawa.

Nditaona zimenezo ndinachita zimene aliyense wosokonezeka amachita: ndinakweza mitengo ya m'sitolo kakhumi. Ukonde unafika 3,000. Apongozi sanamve n'komwe, poti sitolo anaimaliza kalekale, komanso mtengo wa bwato unali m'fayilo ina imene ndinaiwala kuigwira. Amene analira ndi mphwanga wa ku Ngabu, yemwe anali atangoyamba kumene. Ukonde umene anzake anaupeza m'theka la ola iye anafunika kuusodzera maola asanu. Anafufuta gemuyo n'kunditumizira uthenga wa mawu awiri amene sindingawalembe pano. Kukweza mtengo wa chinthu chogula kamodzi kumapweteka wobwera kumene yekha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa la Okutobala litangolowa koma nthaka ikuwotchabe mapazi, ndinamva njinga ikuima pakhomo. Apongozi sabwera kwa mkamwini popanda chifukwa. Anakana mpando, anakana madzi.

"Akamwini, ine ndakongola kwa yani?"

Ndinalandira foniyo ndi manja awiri. Pamalo pa makobidi panali chizindikiro chochotsera, kenako nambala ya pafupifupi 320 miliyoni.

"Bambo, ndi kavuto kakang'ono ka makina."

"Kakang'ono? Ine chibadwire sindinatengepo ngakhale shuga pangongole. Lero mwandilemba m'buku la mamiliyoni, ana akuona."

Chimene chinachitika ndi ichi. Makobidi ndinkawasunga mu `int`, mtundu wa manambala amene mu C#, chinenero chimene ndinalembera gemuyo, amathera pa 2,147,483,647. Mukapitirira pamenepo nambalayo siima, imagudubuzika n'kukatulukira kumunsi kwa ziro. M'mawa wa tsikulo apongozi anali ndi mabwato pafupifupi 6.6 miliyoni. Kuchulukitsa ndi 600 kumapereka pafupifupi 3.97 biliyoni, ndipo mukachotsapo 4,294,967,296, omwe ndi manambala onse okwana mu `int`, mumapeza ngongole ija.

Kusintha `int` kukhala `long` kunanditengera mphindi ziwiri, koma kumeneko n'kungogula diramu yaikulu. Ntchito yeniyeni inali pa mtengo wa bwato. Tsopano bwato lililonse limadula kuposa lapitalo ndi 15 pa 100 iliyonse:

```
long mtengo = (long)(500 * Math.Pow(1.15, mabwato));
```

Loyamba likadali 500, choncho wobwera kumene saona kusintha. Ukakhala ndi mabwato 10, lotsatira ndi 2,022. Ukakhala ndi 20 ndi 8,183, ukakhala ndi 30 ndi opitirira 33,000. Phindu lake likadali 50 pa ola, ndiye bwato la 33,000 limabweza mtengo wake patatha maola opitirira 660, pafupifupi mwezi wathunthu. Palibe amene amakuletsa kugula, umangoleka wekha. Ndinayesanso 1.07 m'malo mwa 1.15, koma mabwato ankafika patali munthu asanamve kulemera. Ndi 1.3 anthu ankaima pa bwato lachisanu ndi chitatu n'kumati gemu yauma.

Kenako ndinaika zowononga zobwerezabwereza, zimene msodzi aliyense wa ku Dambo la Ndindi akanandiuza ndikanamufunsa. Ukonde umang'ambika ukaponyedwa ka 60, ndipo kusoka ndi makobidi 150, gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene wapeza pa ola limenelo. Padooko pali chiphaso cha 5 pa 100 iliyonse ya nsomba zogulitsidwa. Chiphaso ndinachikonda chifukwa chimakula pamodzi ndi chuma cha munthu, pomwe mtengo wokhazikika wolemera saumva. Mabwato aganyu nawo amasodza maola 8 okha foni ikazima, kenako amakocheza kudikira mwini wake. Osapitirira muyezo ndi zimenezi. Nditayesa kusoka kwa 300, mlamu anati ngati akufuna kuvutika ndi ukonde ali nawo weniweni kunyumba.

Chimene ndinkayenera kuchita tsiku loyamba ndi kuwerenga. Panopa gemu imalemba manambala awiri pa wosewera aliyense tsiku lililonse: makobidi olowa ndi otuluka. Ine ndimafuna kuti pa 100 olowa, 80 mpaka 90 azituluka, otsalawo munthu azisungira chinthu chachikulu. Ndipo ndimandandika osewera kuyambira wosauka mpaka wolemera n'kuyang'ana wapakati, osati avereji. Pa avereji, chuma cha apongozi chinkaonetsa kuti onse 14 ndi mabwana, pomwe mphwanga analibe ndi ukonde womwe.

Apongozi ndinawafufutira ngongole n'kuwabwezera pa mabwato 10. Kuti mtima ukhale pansi ndinaika m'sitolo penti yolembera dzina pabwato, makobidi 50,000, yosabweretsa phindu lililonse. Anaigula patatha sabata ziwiri, bwato analitcha "Sindikongola". Za mabwato 6.6 miliyoni aja sanaiwale. Anauza akazi anga kuti awawonjezera pa ng'ombe ziwiri za lobola zimene sindinamalize.