Mabokosi angati? Sabata ya matailosi ku Turffontein

Ntchito ya sabata ino inali chipinda chimodzi chakuseri kwa nyumba ku Turffontein, chimene mayi ena a kwathu akufuna kuikamo wa lendi. Pansi ndi simenti yakale, youma bwino. Matailosi anali atasankha kale: poselini wa 600 ndi 600 mm, anayi m'bokosi, R180 pa sikweya mita.

Lolemba linali loyeza. Chipindacho ndi mamita 4.3 mulitali ndi 3.7 mulifupi. Mbali iliyonse imayezedwa kawiri, kumapeto uku ndi uko, chifukwa makoma a zipinda zakuseri kuno ku Joni ambiri sanamangidwe ndi chingwe. Apa khoma lina linapereka 4.30, linzake 4.28, ndipo timatenga nambala yaikulu. Kuchulukitsa 4.3 ndi 3.7 kukupereka masikweya mita 15.91. Pakhomo pali kamalo kolowa mpaka pansi pa chitseko, mamita 0.9 ndi 0.12, ndiye zonse pamodzi ndi 16.02.

Mayiwo anali atawerengera kale pafoni: 16.02 kuchulukitsa ndi R180, yankho R2,883.60. Masamuwo ndi olondola, koma kusitolo sakugulitsani 16.02. Mtengo wolembedwa pashelefu ndi wa sikweya mita, pamene chomwe mumanyamula ndi bokosi. Tailosi imodzi imaphimba 0.36, bokosi la anayi 1.44, choncho bokosi ndi R259.20. Njira imene aliyense amaidziwa ndi yowonjezera 10 peresenti ya zodula ndi zosweka. Tikatero tikupeza 17.62, tikagawa ndi 1.44 tikupeza 12.2, ndipo poti bokosi silidulidwa, ndi mabokosi 13, matailosi 52, R3,369.60.

Ambiri amalekera pomwepa n'kukagula. Koma 10 peresenti sadziwa kukula kwa tailosi kapena pamene mzere woyamba udzayambire. Amagwira bwino pa matailosi ang'onoang'ono m'chipinda chachikulu. Tailosi ikakula, chipinda n'kuchepa, muyenera kutenga pepala n'kuwerenga matailosi mzere ndi mzere.

Pakati pa matailosi tikusiya mpata wa 3 mm, choncho iliyonse ikudya 603 mm. Kugawa 4300 ndi 603 kukupereka 7 ndi kotsala pang'ono. Kugawa 3700 kukupereka 6 ndi kotsalanso pang'ono. Kutanthauza kuti mukayambira kukhoma ndi tailosi yathunthu, mukafika tsidya linalo mutsala ndi kachidutswa kosakwana 80 mm mbali ziwiri za chipinda. Njira imeneyi imadya matailosi ochepa, koma tizidutswa totere timaoneka zoipa, timasweka podula, ndipo pakhoma lokhota ngati ili timaulula zonse: kachidutswa koyamba ndi 70 mm kumathera pa 50, diso la aliyense n'kugwera pomwepo.

Njira ya m'buku ndi yoika mizere pakati kuti zodula za mbali zonse zifanane. Mulitali mukhala matailosi 6 athunthu, ndipo tikachotsa mipata ndi 5 mm yosiya kukhoma lililonse, patsala 669 mm yogawa pawiri, pafupifupi 335 mm uku ndi uku. Mulifupi mukhala 5 athunthu ndi 336 mm mbali iliyonse. Zimakongola ndithu. Vuto lake ndi lakuti 335 waposa theka la tailosi. Mukadula 335, chotsala ndi 265, chimene sichikwana pena paliponse m'mbali mwa makoma, choncho chidutswa chilichonse chikudya tailosi yathunthu. Mizere 8 kuchulukitsa ndi 7 ndi matailosi 56, mabokosi 14 ndendende, popanda ndi imodzi yomwe yapadera. Imodzi ikangosweka mwaima. Pamafunika mabokosi 15, R3,888, ndipo 56 aja paokha aposa kale muyeso wa chipinda ndi 26 peresenti, osati 10.

Ndinawaonetsa mayiwo papepala. Anayang'ana kanthawi n'kufunsa kuti, "Nanga R518 yowonjezerayi ndikugula chiyani, achimwene? Zinyalala?"

Funsolo linali loona, ndipo yankho lake ndi kusuntha mizere pang'ono. M'malo mwa 335 ndi 335, timapereka 380 mbali imodzi ndi 289 mbali inayo. Mulifupi chimodzimodzi, 380 ndi 292. Chinsinsi chake n'chakuti zidutswa ziwiri za 289 kapena 292 zimatuluka mu tailosi imodzi, chilichonse chili ndi m'mphepete mwake mwa kufakitale, mbali yodulayo n'kuyang'ana kukhoma. Tiwerengenso: athunthu 30, a zidutswa za 380 ndi 11, a zidutswa zazing'ono ndi 6, ndipo makona anayi akudya matailosi 2 okha chifukwa kona imodzi ikutuluka mu theka lotsala. Zonse pamodzi 49. Kamalo ka pakhomo katsekedwa ndi zotsala za 220 mm. Mabokosi 13 akwana, atatu n'kutsala. Kusiyana kwa masentimita 9 pakati pa mbali ziwiri palibe amene angakuone popanda tepi, makamaka zazing'onozo zikapita kumene kudzakhale bedi ndi wadirobu.

Lachiwiri kukagula. Musanalipire, tsegulani bokosi limodzi muyeze tailosi, chifukwa ena olembedwa 600 amakhala 598, ndipo pamene ziwiri za 292 zikuyenera kutuluka mu imodzi, mamilimita amenewo amawerengedwa. Kenako yang'anani nambala ya batchi ndi ya mtundu zimene zimadindidwa pambali pa bokosi. Mabokosi onse 13 akhale ndi nambala zofanana. Matailosi a dzina limodzi ootchedwa nthawi zosiyana amasiyana pang'ono mtundu, nthawi zina ndi kukula komwe, ndipo m'sitolo simungaone, mudzaona ataikidwa kale dzuwa likulowa pazenera. N'chifukwa chake kupereweza kumapweteka kuposa kutsaza: mukabwerera pakatha milungu iwiri kukafuna bokosi limodzi, batchi ija mwina yatha. Masitolo akuluakulu monga CTM ndi Builders ali ndi malamulo awo a kubweza katundu, ndiye funsani pakauntala ngati bokosi losatsegula limabwezedwa, ndipo lisiti musataye.

Guluu wa matailosi amawerengedwa pa muyeso wa pansi, 16.02 uja, osati pa matailosi ogulidwa. Poselini samwa madzi, choncho amafuna guluu wolembedwa kuti ndi wa poselini. Wotchipa wa matailosi wamba sagwira bwino. Thumba la makilogalamu 20, popaka ndi mpeni wa mano a 10 mm pansi posalala, limafika masikweya mita 4 kapena kucheperapo, ndiye papepala ndi matumba 4. Koma titagoneka levulo yaitali pansi, pakati pa chipinda panapezeka polowa 8 mm, ndipo tailosi yaikulu chonchi imafunanso kupakidwa guluu wopyapyala kumsana kwake. Tinalemba matumba 6 pa R130, R780. Pakanakhala polowa kuposa apa, tikanayamba tasalaza kaye ndi simenti yake, chifukwa guluu wounjikidwa kwambiri amaphwa pouma n'kukokera tailosi pansi.

Gilauti, wodzaza m'mipata ya matailosi, ndiye amene anthu amagula wochuluka mopanda chifukwa. Matailosi akulu ali ndi mipata yochepa: pa 3 mm chipinda chonsechi sichimaliza makilogalamu 3. Thumba limodzi la makilogalamu 5, R75, lakwana. Masipesa osiyira mipata R40. Galimoto yonyamula R350, ndipo imeneyi musaiiwale pa kotesheni, chifukwa mabokosi 13 ndi matumba 6 akuyandikira theka la tani, sizokwera nazo takisi. Katundu yense ndi mayendedwe zinakwana R4,614.60. Ntchito ya manja tinagwirizana R1,600, yonse R6,214.60. Mitengo ya pashelefu imakhala ndi msonkho wa 15 peresenti kale, koma mukapatsidwa kotesheni yolembedwa, onani ngati msonkhowo ulimo.

Lachitatu tisanasakanize guluu, tinazula sikatingi, kusesa, n'kujambula mizere iwiri ya choko yopingasana. Kuti mudziwe ngati yapingasana molunjika, yezani mamita 0.9 pa mzere wina ndi 1.2 pa winawo. Pakati pa madontho awiriwo payenera kukhala 1.5 ndendende. Kenako timayala mzere umodzi wa matailosi pouma, ndi masipesa omwe, kuti masamu a Lolemba aonekere pansi. Apa ndi pamene 20 mm ya khoma lokhota ija inapatsidwa malo: inapita ku zidutswa za 380, kumene kuchepa pang'onopang'ono mpaka 360 sikuoneka. Chifukwa cha ichi zidutswa za kukhoma sizidulidwa zonse nthawi imodzi pa muyeso umodzi. Chilichonse chimayezedwa pamalo pake.

Athunthu 30 analowa tsiku lomwelo. Mpweya wa ku Joni ndi wouma, ndipo guluu wopakidwa pansi amachita khungu msanga, ndiye timapaka pokwana matailosi awiri kapena atatu basi. Mukamukhudza n'kuona kuti samata chala, mpaleni mutaye. Tailosi yoikidwa pa guluu wotere imaoneka bwino lero, koma mukaigogoda ndi chigwiriro cha mpeni imalira ngati ng'oma, ndipo ndi imene idzasweke mwendo wa bedi ukadzapondapo. Matumba owonjezera aja amathera mu zinthu ngati zimenezi.

Lachinayi zodula. Tailosi imodzi inathyokera pambali podula 292, theka lake n'kupulumuka. Ina inapezeka yobenthuka pakona m'bokosi momwe, koma inapita kukhoma, kobenthukako n'kudulidwa. N'chifukwa chake mabokosi onse amatsegulidwa koyambirira, obenthuka n'kuikidwa padera kuti akhale odula. Tinagwiritsa ntchito matailosi 50, guluu matumba 5 ndi theka.

Lachisanu gilauti, patatha maola 24 chiikire tailosi yomaliza. Mpata wa 5 mm wa kukhoma uja sudzazidwa ndi gilauti. Umasiyidwa kuti matailosi akamafutukuka ndi kutentha apeze kopita, apo ayi amakankhana n'kutukumuka pakati pa chipinda. Sikatingi ikabwerera imaubisa. Matailosi awiri otsala ndi chikatoni chokhala ndi nambala ya batchi tinawasiyira mayiwo kuti asunge pamwamba pa wadirobu.

Tisanachoke anapempha kuti tiwerengeretu penti wa makoma. Kuzungulira chipinda ndi mamita 16, kutalika kwa khoma 2.6, zikupereka 41.6. Kuchotsa chitseko ndi zenera, 3.7, kwatsala 37.9, ndipo kupaka kawiri ndi 75.8. Pachitini palembedwa masikweya mita 8 pa lita, ndiye malita 9.5. Zitini ziwiri za malita 5 zingakwane pakhoma losalala lopakidwa kale, koma khoma la kuzenera lili ndi pulasitala watsopano amene amamwa penti, choncho pa kotesheni talembapo ndi chitini cha pulaima.