Chingwe chimene ndinatola ndi zala za kuphazi

M'kalata ya malamulo a mayeso olembera kunyumba pa intaneti, mfundo imodzi anailemba kawiri: ngati n'kotheka lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe, musadalire waifai. Ine ndine munthu womvera. Ndinapeza chingwe, ndinachilumikiza ku rauta imene imakhala pamwamba pa kabati pabalaza, n'kuchidutsitsa pansi pa chitseko mpaka chinafika pa laputopu kuchipinda. Chinafika ndendende, osatsalako ngakhale chikhatho chimodzi, ndipo ine ndinati umenewu ndi mwayi.

Dzulo lake ndinali nditayesa zonse ndi pulogalamu yawo. Imaona ngati kamera ikuonetsa nkhope, ngati maikolofoni ikumva, kenako imayeza liwiro la intaneti. Apa ambiri timayang'ana nambala yolakwika. Timanyadira liwiro lolandirira zinthu, lija loonerera mafilimu, pamene pa mayeso otere chofunika kwambiri ndi liwiro lotumizira, chifukwa vidiyo ya nkhope yako, mawu a m'chipinda ndi zonse za pasikirini zimakhala zikupita kwa woyang'anira nthawi yonseyo. Mayeso anga ankafuna 3 Mbps yotumizira. Ndi chingwe chija ndinadutsa bwinobwino.

Chinatsala ndi anthu. Ndinasonkhanitsa mayi a kunyumba, ana ndi alamu amene ankakhala nafe, n'kuwauza kuti kwa maola awiri pasamveke mawu ndipo pasapezeke wogwira chitseko changa, chifukwa munthu wachiwiri akangoonekera pa kamera mayeso atha basi.

"Ngakhale nyumba itayaka?" anafunsa mayi.

"Muzimitse mwakachetechete."

Alamu anati, "Musadandaule alamu, tipeza ntchito zosachita phokoso." Ndinawathokoza kwambiri.

Amalola kulowa patatsala mphindi 30 kuti mayeso ayambe. Ndinajambula nkhope, ndinajambula chiphaso, pulogalamu inatseka china chilichonse chimene chinali chotsegula pa kompyuta. Kenako m'kabokosi kolemberana munatulukira woyang'anira, munthu amene iwe sumuona koma iye akukuona mpaka thukuta la pamphuno. Anandipatsa moni waulemu n'kunena kuti ndimuonetse chipinda chonse, pang'onopang'ono, kuzungulira mpaka kubwerera pamene ndayambira.

Kamera ya laputopu ili pamwamba pa sikirini, sichoka. Kuti uonetse chipinda, umanyamula laputopu yonse. Ndinazula tchaja. Ndinazulanso chingwe cha intaneti, chifukwa sichikanalola ndiyende. Chithunzi chinaima kamphindi kenako chinapitiriza, popeza laputopu inali italumphira yokha pa waifai osandiuza, ndipo woyang'anirayo sananene kanthu.

Ndinazungulira nayo. Anandiimitsa pa kalendala chifukwa panali zolemba, ndinaichotsa. Anandiimitsa pa wailesi yakanema yakale imene inafa kalekale, akuti sikirini iliyonse iyenera kuzimitsidwa kapena kuphimbidwa, ndinaifunditsa nsalu. Pa chithunzi chathu cha ukwati anakhala chete nthawi yaitali ndithu, kenako anati ndichitembenuze, chifukwa pulogalamu imene imawerenga nkhope ikhoza kuona ngati m'chipindamo muli anthu atatu. Kenako pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko, kudenga. Ndinamuonetsa makutu onse awiri kuti aone kuti mulibe kachipangizo komvetsera, ndinapinda manja a malaya, ndinavula wotchi, ndinayandikizitsa magalasi ku kamera. Foni anati ndiike pabedi kumbuyo kwanga, pamene iye akuiona koma dzanja langa silingafike.

Ndinakhala pansi, ndinabwezera tchaja, n'kudina poyambira. Chingwe chija chinatsala pansi.

Mafunso oyamba anayenda bwino, kupatula chenjezo limodzi loti ndisiye kugwedeza milomo. Ine ndimawerenga chapansipansi kuyambira ndili mwana, koma kumeneko n'koletsedwa, poti wina akhoza kukhala akuwerengera mnzake wobisala kapena akujambula mafunsowo. Kugwira pakamwa nakonso n'koletsedwa. Kuyang'ana kudenga poganiza, ayi. Munthu umaganiza utatong'olera maso kutsogolo ngati nsomba.

Nditadutsa pakati pa mayeso zizindikiro zinayamba, ndipo tsopano ndimazidziwa. Kachithunzi kanga ka pakona kanayamba kudukiza, mutu ukuoneka uku ine ndili uko. Ndikadina batani la Next, kamkombero kankazungulira kaye funso lisanabwere. Kenako sikirini inachita mdima n'kulemba:

```
Connection lost. Reconnecting...
```

Koloko ya pakona sinaime ayi. Mayeso amasiyana: ena amaimitsa nthawi intaneti ikaduka, ena nthawi imawerengedwa kumbali yawo ndipo imangopita. Anga anali a mtundu wachiwiriwu, ndipo zinalembedwa m'kalata ija, m'ndime imene ndinangoidutsa. Mayankho amene ndinali nditatumiza kale anali osungika, chifukwa lililonse linkapita ndikadina Next. Chimene chinkatha ndi mphindi zanga.

Apa m'pamene ndinazindikira mmene malamulowa amakumangira manja. Chilichonse chimene munthu amakonzera intaneti anali atandichotsera. Foni ili pabedi, kuigwira ndi mlandu. Rauta ili pabalaza, kudzuka ndi mlandu. Kufuula kuti wina akaone rauta, ndi kulankhula ndi munthu, mlandunso. Kabokosi kolemberana ndi woyang'anira nako kamayendera intaneti yomweyo, ndiye kanali kafa. Ndipo kanyali ka kamera kanali chiyakire. Mapulogalamu ena amapitiriza kujambula n'kusunga pa kompyuta, n'kudzatumiza netiweki ikabwera, choncho mdima wa pasikirini sutanthauza kuti palibe adzaone.

Ndinatsitsa diso limodzi. Chingwe chinali pomwepo pansi pa tebulo, mutu wake utaloza ine. Kuwerama kukanachotsa nkhope yanga pa kamera, ndipo palibe chimene woyang'anira amadana nacho kuposa munthu amene wasowa n'kutulukira pansi pa tebulo atanyamula kanthu.

Ndinavula silipasi.

Amene sanayesepo kutola chingwe cha intaneti ndi zala za kuphazi asaweruze. Kumutu kwake kuli kapulasitiki koterera kokhala ndi kamchira kodina, ndipo ukakapana kamathawa. Ndinakapana ndi chala chachikulu ndi chinzake, kanapulumuka n'kupita patsogolo. Ndinatsetsereka pampando kuti ndikafikire, mpaka pa kachithunzi panatsala chipumi ndi maso basi, ndinadzikokanso msanga. Nthawi yonseyi nkhope ili njo pa kamera, yoonetsa munthu amene akuganizira funso lovuta, pamene kumunsiku mwendo ukusesa pansi uku ndi uku. Nditakagwira, ndinayamba kukweza phazi pang'onopang'ono kulowera ku dzanja lamanzere. Msempha wa m'ntchafu unakokana. Sindinakuwe, poti kukuwa ndi mawu. Misozi yokha inatsika.

Ndinafufuza bowo la m'mbali mwa laputopu osayang'anako, kanalowa n'kulira kuti ke! Patapita kanthawi sikirini inawala.

Ndinaganiza kuti ndibwerera pa funso langa. Ayi. Anatulukira woyang'anira wina, wosadziwa za kalendala kapena za chithunzi cha ukwati, n'kunena kuti popeza panadutsa mphindi zingapo osandiona, tiyambirenso: nkhope, chiphaso, chipinda chonse. Kunena zoona, mfundo yake ndi yomveka. Pa mphindi zimenezo munthu akhoza kulandira pepala pawindo, kapena kusinthana mpando ndi mnzake wanzeru. Koma koloko inali ikuyendabe, ndipo kuonetsa chipinda kunkatanthauza kunyamulanso laputopu.

Ndinamulembera kuti sindingazule chingwe, chifukwa ndi chimene chandibweza. Anati chabwino, ndizungulitse laputopu ili pomwepo. Makoma atatu anaoneka popanda vuto. Kenako analemba kuti, "Tsopano pansi pa tebulo."

Ndinaipendeketsa. Anati sakuona bwino, nditsitse. Ndinatsitsa, chingwe chinakungika. Anati pang'ononso, kumanja. Ndinakoka pang'ono pokha, pang'ono zedi, ndipo kuchokera pabalaza kunamveka phokoso la chinthu chogwa kuchokera pamwamba pa kabati, chitatengana ndi zina zonse zimene zinali pamenepo.

Rauta sinafe nthawi yomweyo. Inakhalabe moyo masekondi okwanira kuti woyang'anira aone chitseko chikutseguka, mayi a kunyumba akusuzumira, maso ali pa mwamuna wawo amene wagwada pansi, laputopu m'manja, phazi limodzi lopanda silipasi, masaya onyowa.

"Bambo, mwagwa ndinu kapena ndi katundu?"

Ndinawayankha ndi nsidze kuti atuluke. Iwo anamva kuti alowe.

Intaneti itabweranso, pasikirini panali uthenga waufupi woti mayeso aimitsidwa chifukwa m'chipinda munalowa munthu wina, ndipo nkhaniyi ikaunikidwa. Pansi pake panali nambala ya dandaulo. Nambala imeneyo ndinailemba nthawi yomweyo, chifukwa ukamalemba imelo yodandaula amayambira pamenepo, ndipo ukatseka pulogalamu sutsimikiza kuti uionanso.

Nditatuluka ndinapeza kuti lonjezo lija analisunga. Ana anali duu, aliyense ndi zomvetsera m'makutu, akuonera makatuni. Alamu anali pakona ndi foni yawo, osatulutsa mawu ngakhale amodzi.

"Alamu, mumatani?"

"Ndimatumiza mavidiyo onse a mufoni muno kuti akasungike pa intaneti. Malo anatha. Ndinati ntchito yopanda phokoso ndi imeneyi, ndipo netiweki lero ikuchedwa bwanji!"

Njira yotumizira ija ndi yopapatiza, ndipo ndi imodzi ya nyumba yonse. Mavidiyo a alamu ndi nkhope yanga zinkalimbirana pomwepo, ine ndili kuseri kwa khoma ndi chitseko chotseka kumene waifai imafika yofooka kale, iwo ali pafupi ndi rauta. Dzulo lake poyeza liwiro ndinali ndekha m'nyumba, ndiponso pa chingwe.

M'imelo ndinalemba nambala ija, nthawi imene intaneti inaduka, mawu amene anali pasikirini, ndi amene analowa m'chipinda. Yankho linabwera loti aonera vidiyo yonse, aona kuti mayiwo sananyamule kanthu ndipo sananene za mayeso, choncho andilola kulembanso tsiku lina popanda kulipira kachiwiri. Koma anafuna ndifotokoze chinthu chimodzi kaye: pa nthawi imene intaneti inali itaduka, vidiyo ikuonetsa wolemba mayeso akumira pampando n'kuvuukanso mobwerezabwereza, manja onse ali patebulo, akulira. Ankafuna kudziwa chimene chinkachitika pansi pa tebulo.

Ndinakhala usiku wonse ndikusaka mawu aulemu ofotokozera akuluakulu a mayeso za zala zanga za kuphazi. Mayi a kunyumba anawerenga ali chiimire kumbuyo kwanga, anapukuta misozi ya kuseka, n'kunena kuti, "Bambo, muwonjezere mzere umodzi. Muwapemphe atitumizireko vidiyoyo."